Tsitsi likauma likuthera m'makutu, kodi andidula kwambiri?

"Asisi ndithandizeni. Ndimakhala ku Rosettenville, tsitsi langa ndi la nachulo zaka zitatu tsopano. Mwezi wathawu kusaluni anandichapa nkulibulowa, linkafika m'mapewamu, ndiye ndinati adule lifike pachibwano. Nditachapa ndekha kunyumba, lauma lathera m'makutu. Andidula kwambiri eti? Disembala ndikupita kumudzi ndimafuna ndikalikonzenso kaye koma ndili ndi mantha."

Achemwali pepani kwambiri, zaka zitatu ukusamala tsitsi si masewera ndipo ndikudziwa mmene mtima umapwetekera ukayang'ana pagalasi nkuona ngati ntchito yonse ija yapita. Koma mmene ndikuonera ine, amene anakudulaniyo anadula pomwe munalozapo, pachibwano penipeni. Analakwa posakufunsani kuti masiku ambiri tsitsili mumayenda nalo bwanji, lobulowa kapena lokhwinyata mmene limakhalira likauma lokha, chifukwa tsitsi lathuli lili ndi kutalika kuwiri. Kulipo kutalika kwenikweni kumene mumakuona mukalikoka, ndiye kulinso kutalika kumene anthu amakuona mumsewu. Inu munkanena kwachiwiriko, iwo anadula potengera koyambako. Masaluni akuno ku Joni mumva akuti shirinkeji, ndi chomwecho, kukhwinyata kwa tsitsi.

Chitani kaye ichi musanapitirize kuwerenga. Gwirani katsitsi kochepa cham'mbalimu, pamwamba pa khutu, mukokere pansi pang'onopang'ono mpaka kawongoke. Kakafika pachibwano kapena kufupi napo, tsitsi lanu lilipo lonse mmene munagwirizana, palibe chomwe chasowa. Kakalephera kufika ngakhale pansi pa khutu mutakoka, pamenepo ndiye anadula mopitiriradi.

Ndifotokoze chomwe chimachitika chifukwa mukachimvetsa simudzadaliranso mwayi pa sizasi ya munthu. Tsitsi la mzungu kapena la mmwenye lowongoka lija, mutalidula pakati nkuliyang'ana pamakina okulitsa zinthu, limakhala lozungulira ngati waya. Lathuli ndi lophwatalala ngati kariboni, ndipo kadzenje kamene limamerako pansi pa khungu ndi kopindika, ndiye limatuluka likupotana kale. Phwasulani bolopeni yodina ija mutulutse kasipuling'i kali mkatimo. Kamaoneka kakafupi, koma mukakoka mbali zonse ziwiri mpaka kawongoke mudabwa kutalika kwa waya amene anapinda pamenepo. Tsitsi lathu ndi chimodzimodzi, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tinene kuti kupotana kwa tsitsi lanu ndi kotambalala mamilimita 3, ngati kasipuling'i kaja. Kuti lizungulire kamodzi limadya pafupifupi sentimita imodzi ya tsitsi, koma limangosuntha mamilimita 3 okha kupita kutsogolo. Likazungulira ka 20, tsitsi lenileni ndi masentimita 20 koma maso akuona masentimita 6. Magawo 7 pa magawo 10 abisala m'mapindikidwemo. Nchifukwa chake kwa tsitsi lopotana kwambiri lija amati 4C, sizachilendo kuti lizioneka theka kapena gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwake kwenikweni.

Nanga madzi akulowapo bwanji? Mkati mwa tsitsi muli zomangira za mitundu iwiri zomwe zimatikhudza ife apa. Zina ndi zolimba, madzi sazisuntha, ndi zomwe zimasunga mapotanidwe amene munabadwa nawo, ndipo zimathyoka ndi mankhwala owongolera tsitsi aja kapena moto wambiri. Zina ndi zofooka, amati zomangira za haidulojeni, izi zimamasuka tsitsi likanyowa nkugwirananso likamauma, ndipo zimagwirana mmene tsitsilo lakhalira nthawi yomwe likuumayo. Likauma mutalikoka ndi dilaya kapena mutalimanga ndi ulusi monga ankatimangira amayi kumudzi kuja, zimagwira lili lotalika ndipo limakhala choncho mpaka litakumananso ndi chinyezi. Likauma lokha popanda cholikoka, zomangira zolimba zija zimalibweza ku mapotanidwe ake ndipo zofookazo zimangolikhomera pomwepo. Komanso mukakhala mubafa madzi akuyenderera, tsitsi limamwa madzi nkulemera, kulemerako kumalikokera pansi ndiye mumaliona lalitali likugunda pakhosi, madziwo akamatuluka kulemera kumatha nkuyamba kubwerera m'mwamba pang'onopang'ono. Ena amadabwa kuti nanga bwanji langa likakhala lobulowa mvula ikangondinyowetsa limafupika m'malo motalika? Ndi nkhani yomweyo, madzi amasula zomwe dilaya inagwirizira, kasipuling'i kabwerera m'malo mwake.

Ndiye tsitsi limodzi lomwelo lili ndi maonekedwe atatu, lonyowa, louma lokokedwa, ndi louma lokhwinyata. Sizasi ikhoza kulowa pa aliwonse mwa atatuwa, koma zotsatira zake nzosiyana kwambiri ndipo apa mpamene anthu ambiri amapwetekera.

Msampha woyamba ndi umene wakugwiraniwu, kusankha malo pathupi, pachibwano, paphewa, pa nsidze, tsitsi lili lokokedwa. Loza pachibwano lili lobulowa, likakhwinyata lipezeka m'makutu. Zoopsa kwambiri ndi tsitsi lakutsogolo logwera pamphumi, munthu kulikoka lonyowa nkulidula pa nsidze, likauma limakaima chilili pamwamba pa mphumi ndipo palibe chomwe mungachite koma kudikira miyezi.

Msampha wachiwiri ndi wotembenuza, ndipo ineyo umandiopsa kuposa woyambawo chifukwa suonekera tsiku lomwelo. Munthu akubwera ndi tsitsi louma lokhwinyata nkunena kuti ingochotsani masentimita awiri. Wodulayo nkuyezadi masentimita awiri ndi maso pa afulo ija nkudula. Koma ngati tsitsi lanu limabisa magawo 7 pa 10, masentimita awiri amenewo ndi masentimita 6 kapena 7 a tsitsi lenileni. Tsitsi lathu limakula mochepera pang'ono sentimita imodzi pamwezi, ndiye werengani nokha, miyezi 7 kapena 8 yagwera pansi pa mpando pamphindi imodzi, inu nkuyang'ana pagalasi nkumati bola sanadule kwambiri. Mumadzazindikira tsiku lomwe mwapita kukaluka meshi, oluka nkumati tsitsi lanu lafupika bwanji asisi.

Ndiye munthu akakhala pampando wanga sindiyamba ndi sizasi, ndimayamba ndi tepi ya telala ija. Ndikuuzeni za mayi wina, kwawo ndi ku Zomba koma amagwira ntchito cha ku Randburg, anabwera Loweruka lina akufuna afulo yozungulira bwino yoti azingodzuka, kupopera timadzi, kupesa pang'ono nkuthamangira takisi. Ndinawauza pafoni kuti achape Lachisanu, alisiye liume lokha osamanga osaluka, abwere nalo mmene lilili. Nditayeza, kutsogolo linali masentimita 9 lokhwinyata, kulikoka 19. Paliwombo 5 lokhwinyata, kulikoka 18. Kunkhongo 8 lokhwinyata, kulikoka 16. Taonani bwino pamenepa, tsitsi lenileni ndi lofanana pafupifupi mutu wonse, pakati pa 16 ndi 19, koma la paliwombo limabisala kwambiri kuposa lina lonselo. Iwo ankakhulupirira kuti paliwombo sipamera, mpaka anali atagula mafuta osiyanasiyana opaka pamenepo kwa chaka, pomwe la pamenepo linali lalitali kuposa la kunkhongo. Izi ndimazipeza kawirikawiri, mutu umodzi sukhala ndi mapotanidwe amodzi, ambiri paliwombo mpolimba kwambiri ndipo kunkhongo kapena kutsogolo nkomasukirapo, ngakhale ena zimakhala mosemphana ndiye osangoganizira, yezani.

Tsopano ndikanawabulowa nkudula paliponse mofanana, tinene masentimita 15, tsiku limenelo akanatuluka akusangalala chifukwa likanaoneka lolingana bwinobwino. Atachapa, kutsogolo ndi kunkhongo likanaima masentimita 7, paliwombo 4, mutu wokhala ndi chigwa pakati, m'mbali motukuka pamwamba pophwa. Afulo yozungulira yomwe ankafunayo sikanatheka. Ndiye ndinawafotokozera kuti kuti likhale lozungulira likakhwinyata, paliwombo sindikhudzapo kupatula kuchotsa nsonga zothetheka, koma kunkhongo ndichotsa masentimita atatu a lokhwinyata amene ndi masentimita 6 a tsitsi lenileni, kutsogolo ndichotsa awiri ndi theka. Ndinawauzanso mtengo wake, osati wa ndalama koma wa tsitsi, kuti tsiku lomwe adzafune kubulowa lidzaoneka losalingana, la paliwombo lalitali la kunkhongo lalifupi, ndipo kumanga kamchira kumbuyo timatsitsi ta kunkhongo tizidzapulumuka. Anakhala chete kaye nkufunsa kuti nanga kuluka? Ndinati masentimita 10 otsala kunkhongowo amalukika bwinobwino. Anati pachaka amabulowa mwina kawiri basi, ukwati ndi Khirisimasi, ndiye tinadula potengera masiku ena onse otsalawo.

Funso lomwe ndimafunsa aliyense ndi limenelo, pamwezi masiku angati tsitsi lanu limakhala lokhwinyata ndipo angati limakhala lokokedwa kapena lolukidwa? Ngati mumayenda ndi afulo kapena mumachapa nkulisiya, maonekedwe adulidwe lili louma lokhwinyata, mmene mumalivalira. Ngati mumakonda kubulowa ndi kuwongola, lidulidwe lili lowongoka kuti mzere wake ukhale wolingana, nkuvomereza kuti masiku omwe lakhwinyata silidzazungulira bwino. Ngati nthawi zambiri limakhala m'meshi, m'mizere kapena pansi pa wigi, simukufunika kudula maonekedwe aliwonse, mukufunika kungochotsa nsonga zowonongeka basi, ndipo wina akamakukakamizani kuti tilinganize kanani chifukwa mutaya tsitsi pa chinthu chomwe palibe adzachione. Palibe kadulidwe kamene kangaoneke bwino kwambiri mbali zonse ziwiri, amene akukulonjezani zimenezo mwina sanayezepo mutu wa munthu ndi tepi. Chomwe chimatheka ndi kukumana pakati, ndipo pakatipo mbali zonse ziwiri zimatayapo pang'ono.

Kuchotsa nsonga ndi kudula maonekedwe ndi ntchito ziwiri zosiyana ndipo ndimakonda kuzichita masiku osiyana. Nsonga zimafuna tsitsi lokokedwa komanso louma, chifukwa lokhwinyata simungaone pomwe pathetheka, nsonga zimabisala mkati mwa zinzake. Sikuti mpaka moto ayi. Kumanga ndi ulusi usiku umodzi kapena uwiri kumalikoka bwino kwambiri, kapena kuluka zingwe zikuluzikulu zisanu ndi chimodzi lili lonyowa pang'ono nkulisiya liume, kapena dilaya yotentha pang'ono mutapaka zoteteza ku moto. Kenako ndimagawa tizigawo ting'onoting'ono, ndimapesa kuyambira kunsonga kukwera kumizu, nkuyendetsa zala kuchokera kumizu kutsika. Tsitsi labwino limamveka losalala komanso lodzaza, ndiye pamafika pena pomwe limayamba kukhakhala, kuonda, mukaliika poyera mumaona kuwala kukudutsa, ndipo zala zimamva timfundo ting'onoting'ono ngati mchenga. Timfundo timeneti ndi tsitsi limodzi lomwe lazungulira nkudzimanga lokha, ndipo kukhwinyata ndi kumene kumatibweretsa, tsitsi likamakhala lokhwinyata masiku ambiri osalipesa bwino timachuluka. Sitimasuka, mankhwala ake ndi sizasi. Ndimadula pamwamba pang'ono pa pomwe payambira kukhakhalapo, nthawi zambiri theka la sentimita kapena sentimita imodzi, ndipo popeza ndikudula lokokedwa, sentimita imodziyo ndi imodzidi, likakhwinyata simuona nkomwe kuti pachoka kanthu. Sizasi ikhale yakuthwa ya tsitsi lokha, yodulira mapepala ndi nsalu ija imatafuna nsonga ndipo pakangopita masabata ochepa zimathethekanso.

Maonekedwe ndimadula pambuyo pake, tsitsi litachapidwa nkuuma lokha mpaka mkati. Ndikuti mpaka mkati chifukwa tsitsi lathu lodzadzana limanamiza, kunja louma koma kumizu kukadali chinyezi, ndipo likadali paulendo wokhwinyata. Ndili wachitsikana nditangoyamba ntchitoyi ndinadulapo mayi wina tsitsi louma kunja kokha chifukwa panali anthu ambiri odikira, ndinalinganiza bwinobwino mbali zonse, mawa lake anabwera mbali imodzi italowa mkati kuposa inzake chifukwa mbali imeneyo inali isanaume pomwe ndinkadula. Ndinachita kudulanso mbali inayo kuti zilingane, mayi uja anataya tsitsi lomwe sanafune kutaya ndipo zinandipweteka masiku ambiri. Kuyambira pamenepo ndimalowetsa zala mpaka pakhungu, pakamveka kuzizira sindidula. Podula sindikoka tsitsi ndi zala ngati mmene amadulira lowongoka, ndimalitukula pang'ono ndi chipeso cha mano otalikirana mofanana mutu wonse, kenako ndimabwerera m'mbuyo masitepe awiri kuliyang'ana chapatali, nkuchotsa tomwe tatulukira kunja kwa mzere tokha. Pang'onopang'ono, kudula, kuligwedeza, kulisiya likhazikike, kuyang'ananso. Mukakoka mbali ina mwamphamvu kuposa inzake ngakhale pang'ono, likabwerera mupeza dzenje. Ndipo ndimasiya dala lotalikirapo kuposa mmene munthu wanenera nkumuuza kuti akachape kunyumba ndi sopo wake ndi mafuta ake, abwerenso sabata yamawa timalize, chifukwa mmene ndimaliumitsira ine ndi mmene amaliumitsira iye kunyumba sizifanana.

Pali nthawi imodzi yomwe ndimadula lonyowa, ndi pamene munthu akusiya mankhwala owongola ndipo akufuna kuchotsa lakale lija. Likanyowa malire amaoneka bwino, latsopano limapotana, la mankhwala limalendewera ngati ulusi, ndiye umadziwa podula. Koma apanso ndimachenjeza kaye, chifukwa nsonga zowongokazo sizikhwinyata ndipo zimalemera nkumakokera latsopanolo pansi. Munthu amaona tsitsi lofika pakhosi nkumaganiza kuti tikachotsa theka litsala lofika m'makutu, pomwe zikachoka nsongazo lotsalalo limabwerera kumutu lonse, masentimita pafupifupi 10 a chaka chathunthu nkuoneka ngati atatu. Ndimamugwiritsa galasi, nkupinda nsongazo kuzibisa kuti aone chomwe chitsale tisanadule.

Izi zikundifikitsa pa chinthu china chomwe ndikufuna muyang'ane pamutu panu, poti mwati anakubulowani. Mukachapa, onani ngati pali tizigawo tina, makamaka kutsogolo ndi m'mbali momwe moto umadutsa kawirikawiri, tomwe sitikubwerera, tangokhala towongoka kapena tofooka pomwe anzake apotana. Timeneto tapsa, ndipo sitidzapotananso ngakhale mupake chani, timangodikira kudulidwa pang'onopang'ono. Anthu ambiri amadana ndi kukhwinyata koma kwa ine tsitsi lomwe ndalikoka nkubwerera msanga limandiuza kuti mkati mwake mudakali mphamvu. Lomwe limandidetsa nkhawa ndi lomwe lasiya kubwerera. Ndiye poti lanu lathawira m'makutu mutachapa, moto uja sunaliwononge kwenikweni, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino ngakhale panopa simukuimva choncho.

Nyengo ya kuno nayo imasokoneza anthu. Joni ili pamtunda kwambiri, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo miyezi yozizira ija, Juni, Julayi mpaka Ogasiti, mpweya umakhala wouma zedi mpaka milomo kung'ambika. Nthawi imeneyo mukabulowa kapena kumasula ulusi tsitsi limakhala lotalika masiku angapo chifukwa mumpweya mulibe chinyezi cholibweza. Munthu amazolowera kutalika kumeneko nkumaganiza kuti ndi mmene tsitsi lake lilili, nkudulira pamenepo. Ikayamba mvula ya masana ija kuyambira Okutobala, kuchoka panyumba lili lalitali, kukafika pa Bree kukwera takisi lafupika kale. Amene anapitako ku Durban akudziwa, kumeneko silichedwa nkomwe. Mafuta opaka nawonso amasintha zinthu, okhala ndi gilisalini wambiri amakoka chinyezi cha mumpweya ndiye nthawi ya mvula amalibweza msanga, pomwe jelo wolemera kapena mafuta olimba amaligwira kuti litalikeko pang'ono. Nchifukwa chake ndimati tsiku lodula maonekedwe mubwere mutapaka zomwe mumapaka masiku onse, osati za tsiku la ukwati.

Abambo ndi ana nkhani yake ndi yomweyi koma yaifupi. Ometa wabwino amayamba wapesa tsitsi kulitukula lonse asanalowetse makina, chifukwa kachipeso ka nambala 2 kamasiya pafupifupi mamilimita 6, ka nambala 4 pafupifupi 13, koma zimenezo zimatheka tsitsi likaimirira. Likakhala logona lopotana makina amadumpha pena nkudya pena, mwana akasamba mumaona mabala mabala m'mutu.

Tsopano inuyo achemwali, za Disembala. Langizo langa ndi loti musadulenso kutalika ayi, ngakhale pang'ono. Lomwe munadula mwezi wathali nsonga zake zikadali zatsopano, palibe chochotsa. Chomwe chingakhale chikukusowetsani mtendere ndi maonekedwe, poti linadulidwa mzere wolingana lili lowongoka ndiye likakhwinyata mwina likuoneka lotambalala m'mbali, lophwa pamwamba. Chitani zomwe ndinachita ndi mayi a ku Randburg aja, nokha kunyumba ndi tepi, kapena mupemphe mnzanu akuthandizeni kumbuyoku. Chapani, lisiyeni liume tsiku lathunthu, yezani malo anayi, kutsogolo, m'mbali, paliwombo ndi kunkhongo, lokhwinyata kenako lokokedwa, mulembe manambalawo mufoni. Mukagawa lokokedwa ndi lokhwinyata mupeza nambala yanu ya malo aliwonse, tinene 18 kugawa ndi 6 ndi 3, kutanthauza kuti pamalo amenewo sentimita iliyonse yomwe sizasi ichotse pa lokhwinyata ndi masentimita atatu enieni, miyezi itatu kapena inayi yodikira. Mukapita kusaluni ina iliyonse muzinena zonse ziwiri, kuti ndikufuna lizifika apa likauma lokha, ndipo musachotse kuposa mwakuti mukalikoka. Muuzeni adule kachigawo kamodzi kaye akuonetseni m'manja chomwe chachoka, inu mukachikoke muone kutalika kwake. Wodula wodziwa ntchito sakwiya nazo zimenezi. Akayamba kunyinyirika kapena kunena kuti tsitsi lonse timadula lonyowa, dzukani mwaulemu muzipita.

Manambala omwewo adzakuthandizaninso kudziwa ngati likukula, chifukwa galasi silingakuuzeni. Pa miyezi itatu tsitsi limawonjezera masentimita awiri kapena atatu, koma pa afulo yokhwinyata zimenezo sizikwana ndi sentimita imodzi yomwe, ndiye mumangoona ngati laima. Kokani kachigawo komweko pa miyezi itatu iliyonse nkujambula chithunzi. Mukaona kuti miyezi 6 yadutsa nambala yokokedwa sikusuntha, ndiye kuti likuthyoka kunsonga mofanana ndi mmene likumerera. Yang'anani lomwe latsalira m'chipeso, lalitali lokhala ndi kamutu koyera kumapeto ndi lothothoka lokha mwachilengedwe, aliyense limamuchoka tsiku lililonse, koma tizidutswa tatifupi topanda kamutu tomwe timagwera pamapewa ndi pasinki ndi tothyoka. Ndipo ngati pena payamba kuoneka khungu, m'mphepete mwa mphumi kapena paliwombo, kapena pakuyabwa ndi kupweteka, imeneyo si nkhani ya kukhwinyata, siyani kuluka zokoka ndipo mukaonane ndi adokotala a khungu msanga.

Kumudzi Disembala ndi mvula, ndipo ngati kwanu ndi kunyanja monga ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay, chinyezi chake tsitsi lobulowa silingathe ndi tsiku limodzi, likakhwinyata kuposanso mmene mukulionera kuno. Ndiye musataye ndalama kubulowa kuti mukafike nalo lalitali, maola onse aja a m'basi kudutsa Beitbridge, Zimbabwe, Tete mpaka Mwanza, thukuta lokha lidzakhala litalibweza musanafike pa Wenela. Tsitsi lofika pachibwano likakokedwa ndi lokwanira kuluka chilichonse chomwe mungafune, lukani sabata yonyamukayo, osakoka kwambiri m'mphepetemu. Ngati mukufuna abale akaone tsitsi lanu lenileni, tengani ulusi wakuda m'chikwama, mukafika mukapemphe amayi kapena azakhali akumangeni madzulo, mukamasule m'mawa wa tsiku lomwe mukufuna kutchena. Mukabwerako Januwale, lichapeni, liume, muyezenso, ndiye ngati maonekedwe akadakuvutanibe pamenepo mpamene tingakambe zochotsa pang'ono m'mbali ndi kunkhongo lili louma, paliwombo osakhudzapo.